Wotchi Yaima pa 8:44: Vuto Ndi Batire Kapena Mivi?

Pabalaza la banja lina pali wotchi yapakhoma imene inabwera ngati mphatso pa tsiku la ukwati. Kwa zaka zinayi palibe amene ankaiganizira. Inkangoti tiki tiki pamwamba pa kabati, ana n'kumanyamuka nayo popita kusukulu. Kenako inayamba khalidwe lachilendo. Mayi wa pakhomopo akatsegula wailesi kuti amve nkhani, ankapeza kuti nkhanizo zafika kale pakati pamene wotchi ikunena kuti nthawi yake sinakwane. Atayerekeza ndi foni anaona kuti tsiku lililonse ikutsalira ndi mphindi pafupifupi khumi.

Bambo anachita zimene aliyense angachite: anatuma mwana kukagula batire kuokala. Wotchi inayenda masiku awiri. Lachitatu m'mawa anaipeza itaima pa 8:44. Anaigwedeza, anaikonzera nthawi, ndipo inayendanso. Mawa lake madzulo inaimanso, ulendo uno pa 9:49. Pamenepo chigamulo chinaperekedwa chakuti wotchiyo yakalamba, makina ake atopa, ndipo ikayenera kupita kudzala.

Chigamulocho chinali cholakwika. Kuti munthu aone pamene chinalakwika, ayambe wadziwa chimene chili m'kabokosi kakuda kamene kamakhala kumbuyo kwa wotchi.

Mawotchi ambiri apakhoma a masiku ano amakhala ndi mawu akuti Quartz pankhope pawo. Limenelo ndi dzina la mwala, ndipo kachidutswa kake kosemedwa ngati kamphanda kamakhala m'kachitini kochepa kuposa kamtengo ka machesi. Kachidutswako kakalandira mphamvu ya batire kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi imodzi. Nambalayi sinasankhidwe mwachisawawa. Ikagawidwa pakati, zotsatira zake n'kugawidwanso pakati, mpaka maulendo 15, pamatsala 1. Kugawako ndiyo ntchito ya kachipangizo kamagetsi kamene kali m'bokosimo, ndipo pakutha pa sekondi iliyonse kamatumiza mphamvu pang'ono ku waya wokulungidwa ngati ulusi. Wayayo amasanduka maginito kwa kanthawi kochepa kwambiri, n'kukankha kagudumu ka maginito kuti katembenuke theka. Kagudumuko kamakankha timagiya tapulasitiki, timagiyato n'kusuntha mivi. Wotchi yoyamba yowerenga nthawi ndi mwalawu inapangidwa mu 1927 ndi Warren Marrison ndi J. W. Horton ku Bell Telephone Laboratories, ku America, ndipo kamota kotembenuka theka theka kaja kamadziwika ndi dzina la injiniya wa ku France, Marius Lavet.

Mfundo yaikulu ili apa. Mwala uja sufooka ngati munthu woyenda ulendo wautali. Batire likhale latsopano kapena loyamba kutha, kanjenjemeredwe kake sikasintha kwenikweni, ndipo wotchi yabwinobwino ya mtundu umenewu imangophonya masekondi owerengeka pa sabata. Choncho wotchi yotsalira mphindi khumi pa tsiku sikuti ikuyenda pang'onopang'ono. Ikuphonya masitepe. Mwala ukuwerenga bwino, lamulo likutumizidwa pa nthawi yake, koma nthawi zina kagudumu kaja kakulephera kutembenuka. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, ndipo mphindi khumi ndi masekondi 600. Ndiye kuti pa masekondi 144 alionse wotchi ya banja lija inkataya imodzi yokha. Munthu atha kuima patsogolo pake kwa mphindi yathunthu osaona cholakwika chilichonse.

Kagudumu kamalephera kutembenuka pa zifukwa ziwiri: mphamvu yofika kwa iko yachepa, kapena katundu amene kakukankha walemera. Chifukwa choyamba chimapezeka ku batire ndi tizitsulo timene limakhudza. Chachiwiri chimapezeka kutsogolo, ku mivi.

Batire la AA limalembedwa kuti 1.5V, ndipo latsopano likayezedwa ndi mita ya amisiri a zamagetsi limaonetsa kupitirira pang'ono pamenepo. Mawotchi ambiri amayenda ndithu mphamvu ikamatsika, koma ikayandikira 1.2V ena amayamba kudodoma. Ichi ndi chifukwa chake mabatire otchaja, amene amalembedwa kuti 1.2V, sagwirizana ndi mawotchi ena. Batire lochotsedwa mu tochi kapena mu rimoti nalonso si loyesera wotchi, chifukwa palibe amene akudziwa kuti mwatsala zingati. Kuyanika batire padzuwa kumalidzutsa kwa maola ochepa chabe. Koma kuliluma ndi mano, monga ena amachitira, n'kuika mankhwala owononga pakamwa.

Batire lofooka lili ndi chizindikiro chake chosasowa. Muvi wa masekondi umayenda bwino potsika kuchoka pa 12 kufika pa 6, chifukwa kulemera kwake kumauthandiza. Ukadutsa pa 6 umayamba chitunda, ndipo chitundacho chimafika poipa pafupi ndi 9, pamene muvi wagona chopingasa. Pamenepo umangogwedezeka, kuyesa kukwera n'kubwerera, ngati njinga ya kabaza yonyamula matumba awiri a chimanga. Wotchi yotere ikachotsedwa pakhoma n'kugonekedwa chagada patebulo kawirikawiri imayambanso kuyenda, chifukwa chitunda chija chatha. Kuyesa kumeneku sikufuna chida chilichonse, ndipo kukatheka kumasonyeza kuti makina ali moyo koma mphamvu ndi imene yachepa.

Nanga batire likakhala latsopano, monga linalili la banja lija, mphamvu ingachepe bwanji? Mnyamata wa pakhomopo, amene amaphunzira za magetsi, ndiye anatembenuza wotchiyo asanaitaye. Atachotsa batire anapeza kuti kachitsulo ka mbali imodzi kakutidwa ndi zoyera zouma ngati mchere, ndipo pansi pake panali dzimbiri lobiriwira. Batire lakale linali litakhalitsa mmenemo mpaka kutulutsa mankhwala. Bambo poika latsopano sanayang'ane; anangolikankhira pamwamba pa zoyerazo.

Magetsi a batire la wotchi ndi ochepa kwambiri moti kansalu kopyapyala ka dzimbiri n'kokwanira kuwatsekera njira. Batire latsopano likamalowa limakanda dzimbirilo pang'ono n'kupeza pokhudza, ndipo n'chifukwa chake wotchi imayenda masiku awiri kapena atatu, eni ake n'kukhulupirira kuti vuto latha. Chinyezi chikabwera, makamaka m'miyezi ya mvula, pokandika paja pamatsekekanso. Njira yachidule yodziwira ndi kupotokola batire ndi chala lili m'malo mwake momwemo. Wotchi yoima ikadzuka pamene batire lapotokoledwa kapena lakanikizidwa mbali imodzi, mlandu si wa batire. Ndi wa tizitsulo.

Katsukidwe kake kamadalira mtundu wa batire limene linatuluka mankhwala. Mabatire a alikalaini, amene amalemerako m'manja ndipo ndi okwera mtengo, amasiya zoyera zouma zija, ndipo zimenezi zimasungunuka ndi chinthu chowawasa. Dontho la viniga kapena madzi a ndimu pa kathonje kokulungidwa kumtengo wa machesi limakwana. Zoyerazo zimachita thovu pang'ono kenako n'kuchoka. Mabatire otchipa, opepuka aja, amatulutsa zonyowa zomata, chifukwa chitini chawo chimadyeka pamene akugwira ntchito mpaka kubooka. Zimenezo zimatsukidwa ndi soda, yemweyu wophikira therere, wosungunulidwa m'madzi ochepa. Mulimonsemo kathonje kangonyowa chabe, kasachite kudontha, chifukwa madzi akalowa m'kabokosi ntchito yakula. Zala zisafike m'maso, ndipo manja asambidwe pomaliza.

Pakauma, kachitsulo kamapukutidwa ndi labala ya pensulo mpaka kuwala. Dzimbiri likakana, sandipepala yosalala kwambiri imathandiza, koma mopepuka. Tizitsulo timeneti timakutidwa ndi chitsulo china chonyezimira choteteza, ndipo wopala ndi mpeni mwaukali amachotsa chotetezacho, dzimbiri n'kubweranso msanga kuposa kale.

Chinanso choyang'ana ndi kukanika kwa kachitsuloko. Ka mbali yathyathyathya ya batire kamapindidwa kuti kazikankha batire ngati sipuling'i, ndipo patapita zaka kamagonja. Batire lolowa mosavuta kwambiri, logwedera wotchi ikagwedezedwa, likhoza kusiya kukhudza nthawi iliyonse chitseko chikamenyetsedwa. Kachitsuloko kamakokeredwa kunja pang'ono ndi nsonga ya sikuludiraiva yaing'ono, kamodzi kokha ndiponso mwaulemu, chifukwa kachitsulo kodyedwa ndi dzimbiri kakapindidwa kawiri katatu kamathyoka. Ena amalowetsapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Kamathandiza tsiku limenelo, koma si mankhwala okhalitsa.

Mnyamata uja anatsuka tizitsulo, anakoka ka kumapeto, n'kubwezeretsa batire. Kutsalira kuja kunatheratu. Kwa tsiku lathunthu wotchi ndi foni zinkanena chimodzi. Koma usiku wotsatira inaimanso, ndipo inaima pa 8:44 pomwe paja.

Wotchi yoima chifukwa cha batire kapena dzimbiri siisankha ola. Ikhoza kuima 3 koloko, ikhoza kuima hafu pasiti 11. Koma yobwerera kudzaima pa nthawi imodzimodzi ikuloza chinthu chimene chimachitika pamalo amodzi a nkhope yake. Aliyense akhoza kuyesa: ayike mivi pa 8:44 n'kuyang'ana. Muvi wautali uli pamwamba penipeni pa waufupi. Pa 9:49 ndi chimodzimodzi.

Mivi iwiriyi imakumana maulendo 11 pa maola 12 alionse, osati 12 monga ambiri amaganizira. Muvi wautali ukazungulira kamodzi umapeza kuti waufupi wasunthira patsogolo, choncho umafunika mphindi zina zisanu ndi theka kuti uupeze. Kukumanaku kumachitika pakapita mphindi 65 ndi masekondi pafupifupi 27. Kuyambira pa 12:00, mivi imapezana cha pa 1:05, 2:11, 3:16, 4:22, 5:27, 6:33, 7:38, 8:44, 9:49 ndi 10:55. Wotchi yopezeka itaima pa ina mwa nthawi zimenezi, kapena kutatsala mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ifike, yadziulula yokha. Chifukwa chimene ya banja lija inkadutsa bwino pa 2:11 ndi 4:22 koma n'kukakamira pa 8:44 ndi chitunda chomwe chija. Kumanja kwa nkhope muvi wautali ukutsika, ndipo ukakhula pang'ono umadutsabe. Kumanzere ukukwera, ndipo kukhula komweko kumawonjezera pa katundu amene kamota kakulimbana naye kale.

Atakumbutsana, a pakhomopo anazindikira pamene zinayambira. Popaka laimu m'nyumba Khirisimasi isanafike, wotchi inachotsedwa pakhoma n'kugwa chafufumimba pampando. Galasi silinasweke, ndiye palibe anadandaula. Koma mivi ya mawotchi oterewa imadulidwa ku chitsulo chopyapyala ngati cha chitini cha zakumwa, ndipo siifuna zambiri kuti ipindike.

Kuti munthu aone kukhulana kwa mivi sayang'ana wotchi kutsogolo. Amaiyang'ana cham'mbali, diso lili pafupi ndi mkombero, ngati mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Mivi itatu imakhala mosanjikizana: waufupi wa maola pansi, pafupi ndi nkhope, wautali wa mphindi pakati, wa masekondi pamwamba, pafupi ndi galasi. Pakati pa uliwonse ndi unzake payenera kuoneka mpata, ngakhale wa milimita imodzi kapena ziwiri, kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Kenako, batire litachotsedwa, amazungulitsa kagudumu kokonzera nthawi kamene kali kumbuyo kwa bokosi, mpaka muvi waufupi utazungulira maola 12 onse, akuyang'anitsitsa pamalo 11 aja. Chala chimamva pamene kagudumu kalimba. Nthawi zina khutu limamva kukwecha. Ndipo kawirikawiri pamsana pa muvi wapansi pamakhala kamzere pamene penti yakandika.

Pa wotchi ija, nsonga ya muvi wautali inali itawerama, ndipo inkakwecha msana wa waufupi. Mawotchi ambiri otchipa amatsegulidwa kumbuyo: pamakhala timasikulu tingapo kapena timano tapulasitiki togwira mkombero, ndipo zikamasulidwa galasi limachoka. Kuwongola muvi kumafuna zala ziwiri zogwira patsinde, pafupi ndi pakati, kuti mphamvu isafike ku makina, pamene dzanja linalo likukweza nsonga pang'onopang'ono. Kukweza mopitirira kumabala vuto latsopano, chifukwa muvi wautali ukakwera kwambiri umakumana ndi wa masekondi.

Ndipo wa masekondiwo ndiye wosachedwa kuimitsa wotchi. Uli pafupi kwambiri ndi kamota pa mndandanda wa timagiya, choncho mphamvu youkankha ndi yochepetsetsa. Mivi inayo imayendetsedwa kudzera m'timagiya tambiri tochepetsa liwiro, ndipo pochepetsa liwiro timachulukitsa mphamvu. Wa masekondi ukhoza kuimitsidwa ndi ulusi wa kangaude wogwira fumbi. Umadutsa mivi inzake mphindi iliyonse, motero kukhula kwake sikudikira 8:44. Wotchi imangotsalira kapena kuima mosasankha ola, ndipo munthu angaganize kuti ndi batire. Chosiyanitsa n'chakuti wotchi ikaima, muvi wa masekondi umapezeka utagona pa muvi wina. Ukhozanso kukhula galasi, makamaka ngati lili lapulasitiki ndipo linabonyokera mkati, ndipo pamenepo pagalasipo pamaoneka kamzere kozungulira. Muvi umenewu umangosomekedwa pa kamsomali ka pakati. Ukakokedwa mowongoka umazuka, ndipo wotchi imayenda bwinobwino popanda iwo. Ngati kuuchotsa kwathetsa vuto, wolakwa wapezeka.

Muvi waufupi nawo uli ndi mdani wake, amene ndi nkhope ya wotchi. Pa mawotchi ambiri manambala amasindikizidwa pa pepala kapena katoni yomatidwa ndi guluu. Nyumba ikakhala ya chinyezi, kapena wotchi ikapachikidwa pa khoma lothonyera, pepalalo limatukumuka n'kutchinga njira. Manambala omata otumphuka akamatuka mbali imodzi amachitanso chimodzimodzi. Wotchi yotere imaima pa ola limodzi lomwelo, masana ndi usiku. Palinso nati ya mkuwa imene imamanga bokosi la makina ku nkhope. Ikamasuka, bokosi limapendekeka ndi kulemera kwa batire, ndipo mivi yonse imapendekeka nalo, kumakhula mbali imodzi. Kuimanga ndi zala n'kokwanira. Kuifinya ndi pulayazi kumapanikiza makina.

Pali chizindikiro china chimene chimasokoneza anthu. Nthawi zina mivi ikakodwa wotchi siima. Muvi waufupi umangosomekedwa pa kapaipi kake, ndipo wautali ukaukoka umaterereka n'kusiya malo ake. Zikatero, pa 3 koloko muvi wautali umaloza 12 bwinobwino koma waufupi uli pakati pa 3 ndi 4. Kukonza kwake n'kuchotsa mivi yonse, kuyambira wapamwamba. Wautali pa mawotchi ena umakhala ndi kanati kake kofunika kumasula. Pobwezera, waufupi umasomekedwa poyamba utaloza 12, wautali pambuyo pake utalozanso 12, kenako wa masekondi. Asanatseke galasi, wokonza azungulitsenso maola 12 aja.

Mivi ikachotsedwa yonse pamakhalanso mpata wa kuyesa komaliza. Ndi batire latsopano ndi tizitsulo towala, kabokosi kopanda mivi kayenera kumveka kugunda kwake kakaikidwa pakhutu, ndipo kamsomali ka pakati kayenera kuoneka kakusuntha. Kakakhala chete, kapena kakamagunda koma kamsomali osayenda, vuto lili mkati: mankhwala a batire anayenderera mpaka ku kachipangizo kamagetsi, dzino la giya linathyoka, kapena nyerere ndi ana a mphemvu anamanga mudzi mmenemo, monga zimachitikira ndi mawotchi a kukhitchini. Apa ambiri amathamangira mafuta a makina osokera kapena ophikira. Timagiya tapulasitiki timeneti sitifuna kuthiridwa mafuta. Mafutawo amagwira fumbi n'kusanduka phala, ndipo kamota kofooka kaja sikangathe kulivundula.

Kabokosi kakafa sikakonzedwa, kamasinthidwa, ndipo okonza mawotchi m'misika ya m'matauni amagulitsa atsopano. Ambiri ndi ofanana kukula, pafupifupi masentimita asanu ndi theka mbali zonse, koma amasiyana kutalika kwa tsinde lodutsa pa nkhope ndiponso maonekedwe a nsonga yolowa m'mivi. Tsinde lalifupi silipereka malo omangira nati, ndipo lalitali limakankhira mivi ku galasi. Wotchi yaikulu ya mu holo kapena m'tchalitchi, ya mivi italiitali, imafuna makina opangidwira katundu wolemera. Ikaikidwa wamba imadzaima pa chitunda chomwe chija. Choncho wopita kukagula atenge kabokosi kakale pamodzi ndi mivi yake m'thumba.

Wotchi ya banja lija sinafike kumeneko. Inabwerera pa msomali wake itatsukidwa ndi madzi a ndimu imodzi ndipo muvi wake utakwezedwa pang'ono. Mnyamata uja analemba tsiku loikira batire pa kapepala n'kumata kumbuyo, kuti chaka chikatha lichotsedwe lisanayambe kutulutsa mankhwala. Usiku umenewo banja lonse linakhala likuyang'ana pakhoma kuyambira hafu pasiti 8, ndipo muvi wautali unadutsa pamwamba pa waufupi n'kupitirira mpaka 9 koloko.